Kumangirira Chizolowezi Chatsopano pa Chakale: Chitsanzo cha Kuthira Mankhwala M'madzi Akumwa

Cholinga cha kabukuka

Mabanja ambiri amene amalandira uphungu kwa alangizi a zaumoyo amaumvetsa bwino uphunguwo, ndipo amachoka pamsonkhano atatsimikiza mtima kuutsatira, koma pakatha masabata awiri kapena atatu ntchito ija imayamba kudumphidwa mpaka kusiyidwa. Kawirikawiri chimene chimasowa si nzeru kapena mtima wofuna, koma malo enieni a ntchito yatsopanoyo pakati pa ntchito za tsiku ndi tsiku. Kabukuka kakufotokoza njira imodzi yopezera malo amenewo, yomwe pano ikutchedwa kumangirira chizolowezi, kutanthauza kuchita kantchito katsopano nthawi zonse munthu akangomaliza ntchito ina imene anaizolowera kale. Kuti njirayi ionekere bwino, kabukuka katsatira chitsanzo chimodzi kuyambira poyamba mpaka pamapeto, chomwe ndi kuthira mankhwala a kulorini m'madzi akumwa.

Momwe chizolowezi chimagwirira ntchito

Chizolowezi ndi ntchito imene munthu amaichita popanda kuyamba waganiza, chifukwa inabwerezedwa kambirimbiri pamalo ndi panthawi yofanana mpaka ubongo unalumikiza ntchitoyo ndi zimene zimaoneka kapena kuchitika isanayambe. Mayi amene wafika pamjigo satsutsana ndi mtima wake ngati atsuke ndowa kapena ayi, pakuti kungofika pamjigopo ndiko kumayambitsa kutsuka. Chinthu chotere, chimene chimadzutsa ntchito popanda munthu kudzikumbutsa, chimatchedwa choyambitsa. Kafukufuku amene Wendy Wood ndi anzake anasindikiza mu 2002 ku America anapeza kuti pafupifupi magawo 43 pa 100 a zimene anthu ofunsidwawo ankachita pa tsiku zinali za mtundu umenewu, zochitidwa pamalo amodzimodzi maganizo ali pa zina.

Vuto la ntchito yatsopano ndi lakuti ilibe choyambitsa chake, choncho imadalira kukumbukira, ndipo kukumbukira kumalephera msanga pa tsiku limene mwana wadwala kapena mvula yagwa m'mawa. Njira yomangirira imabwereka choyambitsa ku ntchito yakale. Ntchito yakaleyo, imene imachitika tsiku lililonse popanda wina kukumbutsa, m'kabukuka ikutchedwa chikhomo, potengera chikhomo chomangirirapo mbuzi: ngati chikhomo chakhomedwa mozama, mbuzi imapezeka pomwe inasiyidwa, koma ngati chili chogwedera, ngakhale chingwe chikhale chatsopano mbuziyo imapezeka m'munda mwa eni.

Maganizo amenewa anachokera kwa akatswiri a zamakhalidwe a anthu. Peter Gollwitzer anaonetsa mu 1999 kuti munthu amene wanena mwatchutchutchu nthawi, malo ndi momwe adzachitire chinthu amachikwaniritsa kawirikawiri kuposa amene wangonena kuti akufuna kuchichita. B. J. Fogg wa ku yunivesite ya Stanford anaiika mfundoyi m'chiganizo chachifupi chokhala ndi mbali ziwiri, mbali yoyamba yotchula ntchito yakale imene yangotha ndi yachiwiri yotchula kantchito katsopano, ndipo James Clear anaifalitsa kwambiri m'buku lake la mu 2018.

Chifukwa chosankhira chitsanzo cha madzi

Mliri wa kolera umene unayamba m'Malawi mu Malichi 2022 ndi kupitirira mu 2023 unapha anthu oposa 1,700, ndipo nthawi imeneyo mabanja ambiri anaphunzira kuthira kulorini m'madzi. Mankhwalawa amapezeka m'botolo, monga Wotagadi, kapena amagawidwa ndi alangizi a zaumoyo atasungunulidwa kale. Kwa Wotagadi wamadzimadzi, muyeso wodziwika ndi chotsekera chimodzi cha botololo pa malita 20 a madzi oyera, kenako madziwo amatakasidwa kapena kukhutchumulidwa, n'kuvundikiridwa, ndipo amadikiriridwa mphindi 30 asanamwedwe. Kulorini wogawidwa ndi alangizi amakhala ndi mphamvu yosiyana, choncho muyeso wake ndi umene mlangiziyo wanena, monganso malangizo olembedwa pabotolo ayenera kutsatidwa koposa zimene munthu anangomva kwa mnzake.

Ntchito imeneyi ndi yaing'ono, yosatenga ngakhale mphindi imodzi, koma ndi yosavuta kuiwala chifukwa phindu lake silioneka ndi maso: madzi othiridwa mankhwala ndi osathiridwa amaoneka chimodzimodzi, ndipo tsiku limene mwana sanatsegule m'mimba palibe amene amaliwerenga. Mliri ukatha, mantha amene ankakumbutsa anthu amathanso. Ntchito yotere, yaing'ono, yofunika tsiku lililonse, koma yopanda mphotho yooneka, ndiyo imayenera kwambiri njira yomangirira.

Kusankha chikhomo

Pafupifupi mphamvu yonse ya njirayi ili pa kusankha chikhomo, ndipo chikhomo chabwino chimadziwika ndi zinthu zinayi.

Choyamba, chiyenera kukhala ntchito yokhala ndi mathero ooneka, osati nthawi chabe. Mawu akuti «m'mawa» kapena «madzi akabwera» si chikhomo, chifukwa m'mawa umayamba mbandakucha mpaka dzuwa litakwera, ndipo mkati mwa maola onsewo munthu amangodziuza kuti achita posachedwa. Kutula ndowa pamutu n'kuiika pansi ndi ntchito imene ili ndi mathero, pakuti pali kamphindi kamodzi kodziwika pamene ndowa yakhudza pansi ndipo manja amasuka.

Chachiwiri, chikhomo ndi kantchito katsopano ziyenera kuchitikira pamalo amodzi. Ngati ndowa imatulidwa pakhonde koma botolo la mankhwala lili m'chipinda chogona mkati mwa sutikesi, mtunda wa mapazi khumi umenewo ndi wokwanira kuti mwana wolira kapena moto wozima uchotse maganizo a munthu pa ntchitoyo.

Chachitatu, ntchito ziwirizi ziyenera kuchitidwa ndi munthu mmodzi. Chizolowezi chimakhala m'mutu ndi m'manja mwa munthu, osati m'nyumba, choncho ngati wotunga madzi ndi mtsikana koma wothira mankhwala ndi bambo ake, palibe chimene chamangiriridwa, chifukwa bamboyo sakhalapo pamene chikhomo chikuchitika.

Chachinayi, chikhomo chiyenera kuchitika kokwanira mofanana ndi momwe ntchito yatsopano ikufunikira. Kuchapa zovala, komwe kumachitika kawiri pa sabata, sikungasunge ntchito ya tsiku ndi tsiku. Komanso ntchito yochitika kasanu pa tsiku sisunga bwino ntchito yofunika kamodzi, chifukwa maulendo anayi amene choyambitsa chaoneka popanda kutsatiridwa ndi kanthu amafooketsa kulumikizana kumene kukumangidwa.

Palinso chifukwa chimene kantchito katsopano kamaikidwa pambuyo pa chikhomo osati patsogolo pake. Gaby Judah, Benjamin Gardner ndi Robert Aunger anasindikiza mu 2013 kafukufuku wa ku Britain wa anthu 50 amene ankaphunzira kuyeretsa pakati pa mano ndi kaulusi, ena asanatsuke mano ndipo ena atatsuka, ndipo amene ankachita atatsuka ndiwo anaonetsa chizolowezi cholimbirapo. Ntchito yoikidwa patsogolo imafunabe kuti munthu akumbukire kuima asanayambe zimene anazolowera, pamene yoikidwa pambuyo imadzutsidwa ndi kutha kwa ntchito yakaleyo.

Chitsanzo cha banja limodzi

Chitsanzo chotsatirachi ndi chongoyerekezera, cha banja la anthu 6 la kumudzi limene limatunga madzi pamjigo. Mayi wa pabanjapo amapita kumjigo maulendo anayi pa tsiku ndi ndowa ya malita 20, maulendo awiri m'mawa ndi awiri madzulo, ndipo mwa ndowa zinayizo imodzi yokha ndiyo ya madzi akumwa, zinazo ndi zophikira, zotsukira mbale ndi zosamba. Banjali linayamba ndi lamulo lakuti mankhwala azithiridwa madzi akatungidwa, koma pa sabata yoyamba anathiridwa masiku atatu okha.

Poyang'ana zinthu zinayi zija, zolakwika zikuoneka. Kutunga madzi kunkachitika kanayi pamene kuthira kunkafunika kamodzi, ndipo madzi akumwa ankachokera mu ndowa iliyonse imene yapezeka, nthawi zina yoyamba, nthawi zina yachitatu. Botolo linkasungidwa m'chipinda chogona poopa ana. Masiku ena madzi a madzulo ankatungidwa ndi mtsikana wamkulu akaweruka kusukulu, ndipo iye sanauzidwe kanthu.

Kukonza kwake kunayamba ndi kulimbitsa chikhomo chenichenicho. Banjali linapatula ndowa imodzi yokhala ndi chivundikiro kuti ikhale ya madzi akumwa okha, ndipo linagwirizana kuti ndowa imeneyo izipita kumjigo pa ulendo woyamba wa m'mawa ndi kutulidwa pamalo amodzi, pakona ya m'nyumba pafupi ndi khomo. Potero chikhomo chinakhala kutula ndowa ya madzi akumwa, ntchito yochitika kamodzi pa tsiku, pamalo amodzi, m'manja mwa munthu mmodzi. Botolo linachotsedwa kuchipinda n'kupachikidwa m'kathumba pamsomali, pamwamba pa kona yomweyo, pamene wamkulu woimirira amaliona akangowongoka koma mwana wamng'ono sangalifikire, komanso pamene dzuwa siliomba, popeza kuwala ndi kutentha kumachepetsa mphamvu ya kulorini.

Kenako panganolo linaikidwa m'chiganizo chimodzi chimene aliyense m'nyumbamo angachibwereze: mayi akangotula ndowa ya madzi akumwa pakona, athire chotsekera chimodzi cha mankhwala, atakase ndi kuvundikira. M'chiganizochi mulibe mawu akuti «aziyesetsa» kapena «akapeza mpata», ndipo nkhata imachotsedwa mankhwala atathiridwa kale, kuti pasakhale ntchito ina iliyonse yolowa pakati pa chikhomo ndi kantchito katsopano.

Kudikira mphindi 30 kunabweretsa vuto lina, pakuti m'nyumba zambiri m'mawa palibe amene amayang'ana nthawi, ndipo ana opita kusukulu amatunga madzi akangowaona. Apa banjali linagwiritsa ntchito ulendo wachiwiri wa kumjigo ngati muyeso wa nthawi. Tsiku lina linayeza ndi wotchi ya pafoni n'kupeza kuti kupita, kudikira pamzere, kupopa ndi kubwerera kumatenga mphindi zoposa 30, choncho linapangana kuti kapu yotungira isaikidwe pa ndowa ya madzi akumwa mpaka mayi atabwerako ulendo wachiwiri. Kapu ikakhala pa chivundikiro, aliyense amadziwa kuti madzi ndi okonzeka. Ikapanda kuoneka, ana amamwa otsala a dzulo amene anathiridwa kale mankhwala. Banja limene mjigo wake uli pafupi liyenera kupeza ntchito ina yotalika mokwanira, monga kukoleza moto ndi kuphika phala, ndipo liyeze ndi wotchi kamodzi kapena kawiri m'malo mongoganizira.

Nzeru yomweyi ndiyo ili kumbuyo kwa tizipangizo ta kulorini timene timaimikidwa pafupi ndi mijigo ndi zitsime m'madera ena a Kenya, Uganda ndi Malawi, monga m'boma la Zomba. Wotunga madzi amapotokola kampopi kamodzi n'kudonthezera muyeso wokwanira malita 20 m'chigubu kapena m'ndowa, ndipo popeza kachipangizoko kali pomwe iye amaima kale tsiku lililonse, safunikira kukumbukira kanthu, pamene ulendo wobwerera kunyumba umasakaniza madziwo ndi kudya gawo la nthawi yodikira. Kumene kachipangizo kotere kalipo ndipo kali ndi mankhwala, chikhomo chabwino ndi kufika pamjigo, ndipo madziwo sathiridwanso mankhwala kunyumba.

Kutalika kwa nthawi ndi zizindikiro za kukhazikika

Pali mawu ofala akuti chizolowezi chimakhazikika pa masiku 21, koma kafukufuku sagwirizana nawo. Phillippa Lally ndi anzake a ku London anatsatira anthu 96 kwa masabata 12, aliyense atasankha kantchito kamodzi ka kadyedwe, kamwedwe kapena kolimbitsa thupi koti azichita tsiku lililonse pa choyambitsa chimodzi, monga akangomaliza chakudya cha m'mawa. Zotsatira zake, zosindikizidwa mu 2010, zinaonetsa kuti mwa anthu amene kusintha kwawo kunawerengeka bwino, nthawi yapakati inali masiku 66, koma ena anafika pa masiku 18 okha pamene ena anayerekezedwa kuti akanafunika masiku 254. Kafukufukuyu anapezanso kuti kudumpha tsiku limodzi sikunaononge kwenikweni kukula kwa chizolowezi. Tanthauzo lake kwa banja ndi lakuti miyezi iwiri kapena itatu ndiyo nthawi yoyenera kuyembekezera, ndipo tsiku loiwalika si chifukwa chosiyira, ngakhale kuti pa nkhani ya madzi, madzi a tsiku limenelo amakhala osatetezeka ndipo ayenera kuthiridwa mankhwala pomwe zakumbukiridwa, n'kudikiranso mphindi 30.

Pofuna kudziwa momwe zikuyendera, ndi kothandiza kulemba kamzere pakalendala kapena pakhoma tsiku lililonse limene ntchito yachitika, ndi kuwerenga timizereto Lamulungu. Botolo nalonso limachitira umboni, pakuti ngati pakhoma pali timizere 7 koma mankhwala sanatsike, ndiye kuti chimene chazolowereka ndi kulemba mizere. Madzi othiridwa muyeso woyenera amamveka kafungo kochepa ka kulorini pakatha mphindi 30. Chizindikiro chenicheni cha kukhazikika ndi pamene mayi sakumbukira bwino ngati wathira, koma akapita kukaona amapeza ndowa ili yovundikira ndipo kafungo kalipo, kapena pamene dzanja likupita pamsomali ngakhale tsiku limene botolo lachotsedwapo.

Zolakwika zofala ndi momwe zimadziwikira

Ntchito ikadumphidwa masiku atatu kapena kuposa pa sabata, funso loyenera si lakuti ndani waulesi, koma lakuti pa masiku amenewo chinachitika n'chiyani pa chikhomo. Mayankho ake amagwera m'magulu atatu.

Ngati pa masiku odumphidwawo chikhomo sichinachitike n'komwe, mwachitsanzo madzi anatungidwa ndi munthu wina kapena ndowa inatulidwa kukhitchini, ndiye kuti chikhomocho ndi chogwedera, ndipo chofunika ndi kuchilimbitsa kapena kuphunzitsa wotunga wachiwiriyo chiganizo chomwecho kuti nayenso akhale ndi chizolowezi chakechake.

Ngati chikhomo chinachitika koma munthu anaiwala, ndiye kuti pali kanthu kamene kakulowa pakati, kapena botolo silikuoneka pamalopo. Apa zimathandiza kuyeserera ndi ndowa yopanda madzi kasanu kapena kakhumi motsatizana, kutula, kuwongoka, kutenga botolo, kuti manja aphunzire ndondomekoyo nthawi imene palibe changu.

Ngati munthu anakumbukira koma sanachite, vuto silili pa kukumbukira, ndipo kusintha chikhomo sikungathandize. Mwina ntchitoyo yakula, monga pamene pa kutula ndowa pamangiriridwa kuthira mankhwala, kutsuka makapu, kusesa ndi kusambitsa mwana zonse pamodzi. Zikatero zinazo zichotsedwe, patsale chimodzi. Mwinanso a m'banjamo akudandaula za fungo, zomwe nthawi zambiri zimachokera ku muyeso wopyola, monga kuthira chotsekera chathunthu m'ndowa ya malita 10.

Malire a njirayi

Choyamba, njira yomangirira imathetsa kuiwala kokha, ndipo sigula mankhwala akatha. Botolo likakhala lopanda kanthu kwa sabata ziwiri, mayi amatula ndowa masiku 14 osathira kanthu, ndipo chizolowezi chimene chikulimba pamenepo ndi chosathira. Pa chifukwa ichi ndi bwino kulemba mzere pabotolo pamene patsala gawo limodzi mwa magawo anayi, kuti mankhwala akafika pamzerepo ena afunidwe tsiku la msika lotsatira kapena kwa mlangizi wa zaumoyo, ndipo akasoweratu madzi aziwiritsidwa mpaka kubwadamuka kwa mphindi imodzi.

Chachiwiri, chizolowezi chomangiriridwa chimagwa pamodzi ndi chikhomo chake. Nyengo ya dzinja mayi amalawirira kumunda ndipo madzi amatungidwa masana. Mjigo ukaonongeka banja limapita kuchitsime kapena kumtsinje. Pa maliro kapena pamene wina wagonekedwa kuchipatala ndondomeko yonse ya tsiku imasokonezeka. Nthawi zimenezi ndizonso zimene madzi amakhala oopsa kwambiri, choncho banja lisadikire kuti chizolowezi chidzipulumutse chokha, koma likhale pansi mvula isanayambe n'kukonzanso chiganizo chija molingana ndi amene azitunga madzi ndiponso nthawi yake. Madzi a matope amayamba aikidwa kuti matope akhale pansi ndi kusefedwa pa nsalu yoyera, chifukwa litsiro limadya mphamvu ya kulorini, ndipo muyeso wake umakhala wokulirapo monga mwa malangizo a pabotolo kapena a mlangizi.

Chachitatu, si ntchito iliyonse ingamangiriridwe pa chikhomo chilichonse. Mankhwala a kuchipatala amene ayenera kumwedwa pa ola lenileni, kapena m'mimba mulibe kanthu, sayenera kumangiriridwa pa chakudya chimene nthawi yake imasinthasintha popanda kufunsa a chipatala.

Kuwonjezera chizolowezi chachiwiri

Kuthira mankhwala kukachitika kwa mwezi wathunthu popanda wokumbutsa komanso popanda kudumpha kuposa tsiku limodzi kapena awiri, ntchitoyo imayamba kukhala chikhomo payokha, ndipo kantchito kena kangamangiriridwe pa mathero ake. M'banja lachitsanzo lija, kantchito koyenera kutsatira kuvundikira ndowa ndi kuthira madzi m'kachigubu ka mpondagiya ka pakhomo pa chimbudzi, popeza madzi ali kale m'manja ndipo kusamba m'manja kumatseka njira ina imene kolera imadzera. Kantchito katsopanoko kayesedwe ndi zinthu zinayi zija, kaikidwe m'chiganizo chake, ndipo kakhale ndi timizere take pakhoma. Ngati pa sabata ziwiri zoyambirira timizere ta kuthira mankhwala tayamba kuchepa, ndiye kuti chikhomo chinali chisanalowe mokwanira, ndipo kachigubu ka mpondagiya kapatsidwe kwa munthu wina wa m'banjamo pa chikhomo chakechake, kufikira ndowa ya madzi akumwa itakhazikikanso.